Kuwerenga mapu: manambala a giridi ndi mabeyaringi, mafunso ndi mayankho ake

Ophunzira ambiri amene amalakwa mafunso a mapu pa mayeso a jogalafe sikuti masamu ake ndi ovuta. Amalakwa poyambira. Wina ayamba kuwerenga ndi mzere wolakwika, wina aika pulotalakita pamalo pamene akupita m'malo mwa pamene akuchokera, ndipo zonse zotsatira zimapotoka ngakhale atayeza mosamala chotani. Ntchito ili m'munsiyi ndaikonza kuti muzolowere poyambira pake. Simufunika mapu osindikizidwa, chifukwa mujambula anuanu. Konzani pepala, lula ya mamilimita, pensulo yosongoka bwino ndi pulotalakita ya theka ija imapezeka m'kabokosi ka zida za masamu.

Jambulani mapu anu

Mapu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'kalasi ndi a sikelo ya 1:50,000. Pa mapu otere, sentimita imodzi imaimira mamita 500, ndipo mizere ya giridi imatalikirana masentimita 2, kutanthauza kilomita imodzi pansi. Ifenso titsata muyeso womwewo.

Jambulani mizere 7 yoimirira, yotalikirana masentimita 2, ndipo muilembe manambala kuyambira kumanzere: 32, 33, 34, 35, 36, 37, 38. Kenaka jambulani mizere 6 yogona, yotalikirananso masentimita 2, ndipo muilembe kuyambira pansi kukwera: 54, 55, 56, 57, 58, 59. Mupeza mabokosi 30. Nambala iliyonse ikhale moyang'anizana ndi mzere wake, osati pakati pa bokosi, chifukwa nambalayo ndi dzina la mzere. Kumpoto ndi kumtunda kwa pepala.

Tsopano ikani malo asanu ndi limodzi awa, omwe ndi ongoyerekeza. Muyeso woyamba muyeze kuchokera pa mzere 32 kupita kumanja, wachiwiri kuchokera pa mzere 54 kukwera m'mwamba. Ikani kadontho kakang'ono, dzina mulembe pambali.

Sukulu: mamilimita 28 kumanja, 26 m'mwamba.
Mjigo: 68 kumanja, 66 m'mwamba.
Chigayo: 88 kumanja, 26 m'mwamba.
Mlatho: 14 kumanja, 84 m'mwamba.
Chipatala: 100 kumanja, 8 m'mwamba.
Nsonga ya phiri: 107 kumanja, 91 m'mwamba.

Dontho lalikulu ngati njere ya mapira likusokonezani, pakuti pa mapu awa mamilimita 2 okha ndi mamita 100 athunthu.

Giridi ya manambala 4

Mizere yoimirira ija imatchedwa maisitingi chifukwa manambala ake amakula mukamapita kum'mawa. Yogona ija ndi manothingi, manambala ake amakula mukamapita kumpoto. Pano pali posokonezeka pamodzi. Dziko lathu lili kumwera kwa ikweta, choncho madigiri a latitudi amakula mukamatsikira kumwera: ku Nsanje ndi ochuluka kuposa ku Karonga. Manothingi satero. Amakula kupita kumtunda kwa mapu basi, ngakhale kuno kwathu.

Lamulo lake ndi lakuti isitingi imayamba, nothingi imatsatira. Munthu wofuna mango amayamba wayenda pansi kukafika patsinde, kenaka n'kukwera. Inunso yendani m'munsi mwa mapu kuchokera kumanzere, mukafika ndiye mukwere.

Bokosi lililonse lili ndi mizere inayi yolizungulira, koma dzina lake limachokera ku iwiri yokha: wa kumanzere kwake ndi wa pansi pake. Mizere iwiriyi imakumana pa ngodya ya pansi kumanzere, ndipo ngodya imeneyi ndiye poyambira pa chilichonse chokhudza giridi. Taonani sukulu. Ili pakati pa mizere 33 ndi 34, ndiye titenga wa kumanzere, 33. Ilinso pakati pa 55 ndi 56, titenga wa pansi, 55. Nambala yake ndi 3355, yolembedwa mophatikiza, popanda mpumiro kapena mpata pakati.

Nambala ya 3355 siikutiuza pamene paima sukulu. Ikungotiuza bokosi la kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi, lomwe ndi mahekitala 100. N'chifukwa chake imakwanira potchula chinthu chachikulu monga mudzi, dambo kapena nkhalango, koma pa mjigo kapena mlatho imaperewera.

Giridi ya manambala 6

Kuti tifike pafupi, mbali iliyonse ya bokosi timaigawa magawo 10. Gawo limodzi ndi mamilimita 2 papepala, mamita 100 pansi. Magawowa sajambulidwa pa mapu, mumawapeza nokha ndi lula.

Tibwerere ku sukulu ija. Ikani 0 wa lula pa mzere 33 ndipo muyeze kupita kumanja kufika pa kadontho. Mupeza mamilimita 8. Gawani ndi 2, mupeza magawo 4. Lembani 4 kutsogolo kwa 33, zikhala 334. Kenaka ikani 0 pa mzere 55 ndi kuyeza kukwera. Mupeza mamilimita 6, omwe ndi magawo 3, zikhala 553. Phatikizani: 334553.

Yesani yankho lanu motere: fufutani nambala yachitatu ndi yachisanu n'chimodzi. Pa 334553 mukachotsa 4 ndi 3 womaliza, mutsala ndi 3355, bokosi lija tinapeza poyamba. Zikapanda kufanana ndiye kuti penapake mwasemphanitsa. Kulakwa kofala ndi kulemba 335543, ndiye kuti kulemba manambala 4 aja kaye kenaka n'kuponya magawo onse awiri kumapeto. Woiwerenga aidula pakati, apeza 335 ndi 543, ndipo akakufunani m'bokosi 3354, pafupifupi kilomita imodzi kumwera kwa sukulu.

Nanga muyeso ukagwera pakati, monga mamilimita 7? Kugawa ndi 2 kupereka 3.5. Apa iwalani zomwe munaphunzira m'masamu zokweza nambala ikafika theka. Lembani 3. Chifukwa chake n'chomwe chija: nambala ya manambala 6 nayonso ndi dzina la kabokosi, ka mamita 100 m'litali ndi m'lifupi, hekitala imodzi, ndipo kabokosi kamatchedwa ndi mzere wa kumanzere ndi wa pansi. Chinthu chisanaoloke mzere wachinayi chikadali m'gawo lachitatu.

Beyaringi

Kunena kuti mjigo uli kumpoto chakum'mawa kwa sukulu kumathandiza, koma mbali zisanu ndi zitatu za kampasi zimasiyana madigiri 45, ndiye pakati pake pamatsala mpata waukulu. Beyaringi imatchula mbaliyo ndi madigiri. Imayezedwa kuchokera kumpoto, kuzungulira momwe imayendera mivi ya wotchi, ndipo imalembedwa ndi manambala atatu nthawi zonse. Kumpoto ndi 000°, kum'mawa 090°, kumwera 180°, kumadzulo 270°. Madigiri 45 alembedwe 045°.

Choyamba werengani funso kawiri mpaka mudziwe pamene mwaima. Funso likati beyaringi ya mjigo kuchokera pa sukulu, mwaima pa sukulu, ngakhale mjigo ndi umene watchulidwa poyamba. Dulani mzere kunsi kwa dzina lotsatira mawu oti "kuchokera". Pamenepo ndi pamene pakhale pakati pa pulotalakita.

Pa kadontho kameneko jambulani mzere woimirira, wolingana ndi maisitingi, udutse kumtunda ndi kumunsi. Musaujambule ndi maso okha. Yezani mtunda wochokera pa kadontho kufika pa isitingi yapafupi, muikenso mtunda womwewo chakumtunda, n'kulumikiza. Mzere wakumpoto ukapendama ndi milimita imodzi pa masentimita 5, mwataya kale digiri imodzi. Mukatero lumikizani malo awiriwo ndi mzere wowongoka, ndipo muutalikitse mpaka utulukire kunja kwa pulotalakita, apo ayi mulibe powerengera.

Musanagwire pulotalakita, lingalirani yankho ndi maso. Kodi komwe mukupita kuli kumtunda chakumanja? Ndiye yankho lili pakati pa 000° ndi 090°. Kumunsi chakumanja, pakati pa 090° ndi 180°. Kumunsi chakumanzere, pakati pa 180° ndi 270°. Kumtunda chakumanzere, pakati pa 270° ndi 360°. Lembani malirewo m'mbali mwa pepala. Ine ndimaona kuti sitepe imeneyi ndi yofunika kuposa kuyeza kwenikweniko, chifukwa pulotalakita ili ndi mizere iwiri ya manambala, wamkati ndi wakunja, woyenda mosemphana, ndipo m'chipinda cha mayeso diso limathamangira uliwonse.

Ngati komwe mukupita kuli kumanja kwa mzere wakumpoto, imikani pulotalakita kuti mzere wake wa 0 mpaka 180 ugone pa mzere wakumpoto, mimba yake iloze kumanja. Werengani mzere wa manambala umene uli ndi 0 kumtunda. Chomwe mwawerengacho ndiye yankho. Ngati kuli kumanzere, tembenuzani pulotalakita kuti mimba iloze kumanzere, werengani mzere umene uli ndi 0 kumunsi, kenaka muwonjezere 180, popeza theka la ulendo wochokera kumpoto kufika kumwera mwalidumpha. Ena amayeza kuchokera kumpoto chobwerera n'kuchotsera pa 360. Yankho ndi limodzi, koma sankhani njira imodzi n'kuikakamira.

Beyaringi yobwerera siifuna kuyezanso. Ngati yopita ili yochepera 180°, wonjezerani 180. Ngati yaposa, chotsani 180.

Mafunso

Bisani mayankho ndi pepala lina, muyambe mwayesa nokha.

1. Perekani nambala ya giridi ya manambala 4 ya mjigo, mlatho ndi chipatala.
2. Perekani nambala ya manambala 6 ya mlatho, chipatala ndi nsonga ya phiri.
3. Pa 364553 pali chiyani?
4. Ikani tchalitchi pa 349561.
5. Pezani beyaringi ya mjigo kuchokera pa sukulu.
6. Pezani beyaringi ya chipatala kuchokera pa mjigo.
7. Pezani beyaringi ya mlatho kuchokera pa mjigo, ndiponso yobwerera.
8. Pezani beyaringi ya sukulu kuchokera pa nsonga ya phiri.
9. Mayi wina wachoka pa mjigo n'kuyenda makilomita 1.5 pa beyaringi ya 090°. Wafika pa nambala yanji ya manambala 6?

Mayankho ndi kapezedwe kake

Funso 1. Mjigo uli pakati pa maisitingi 35 ndi 36, manothingi 57 ndi 58, choncho ndi 3557. Mlatho ndi 3258. Uli pafupi kwambiri ndi mzere 33 kusiyana ndi 32, ndipo ambiri amalemba 3358 pachifukwa chimenechi, koma kuyandikira si nkhani, chofunika ndi mzere womwe waudutsa kale. Chipatala chakhala pamwamba penipeni pa mzere 37. Chinthu chikagwera pa mzere chimawerengedwa m'bokosi limene mzerewo ndi kumanzere kwake kapena pansi pake, choncho yankho ndi 3754.

Ngati mwalemba 5735 pa mjigo, mwayamba ndi nothingi. Pa mapu athu n'kosavuta kuzindikira chifukwa palibe isitingi ya 57. Pa mapu a mayeso manambala a mbali ziwirizi akhoza kuyandikana, ndipo nambala yotembenuzidwa imaloza bokosi lina lenileni popanda chokuchenjezani.

Funso 2. Mlatho uli mamilimita 14 kuchokera pa mzere 32, magawo 7, ndiye 327. Uli mamilimita 4 pamwamba pa mzere 58, magawo 2, ndiye 582. Yankho: 327582. Chipatala chili pa mzere 37 penipeni, magawo ake ndi 0, ndipo 0 ameneyu alembedwe: 370. Chili mamilimita 8 pamwamba pa mzere 54, ndiye 544. Yankho: 370544. Amene wasiya 0 watsala ndi 37544, manambala asanu, omwe sangadulidwe pakati. Werengani manambala anu musanapite pa funso lina.

Nsonga ya phiri ndiye msampha uja wa theka. Ili mamilimita 7 kuchokera pa mzere 37, omwe ndi 3.5, tilemba 3: 373. Ili mamilimita 11 pamwamba pa mzere 58, omwe ndi 5.5, tilemba 5: 585. Yankho: 373585.

Funso 3. Dulani nambalayo pakati: 364 ndi 553. Pitani pa mzere 36, muyende mamilimita 8 kumanja. Kwerani kufika pa mzere 55, muwonjezere mamilimita 6. Mwapeza chigayo. Onani kuti theka lomaliza, 553, ndi lofanana ndi la sukulu. Izi zikutiuza, tisanayeze n'komwe, kuti chigayo chili kum'mawa kwenikweni kwa sukulu, pa 090°, ndipo sukulu ili pa 270° kuchokera pa chigayo. Kusiyana kwa 364 ndi 334 ndi magawo 30, makilomita 3.

Funso 4. Dulaninso: 349 ndi 561. Magawo 9 ndi mamilimita 18 kumanja kwa mzere 34, gawo limodzi ndi mamilimita 2 pamwamba pa mzere 56. Tchalitchi chigwere m'ngodya ya pansi kumanja ya bokosi 3456, chitatsala pang'ono kukhudza mzere 35. Mukayeza kuchokera kumalire a mapu, chikhale mamilimita 58 kumanja ndi 42 m'mwamba.

Funso 5. Mwaima pa sukulu. Mjigo uli kumtunda chakumanja, yankho likhale pakati pa 000° ndi 090°. Pulotalakita ipereka 45, tilemba 045°. Manambala a giridi akuvomereza: kuchoka pa 334553 kufika pa 354573 mwayenda magawo 20 kum'mawa ndi 20 kumpoto, ndipo maulendo awiri ofanana otere amapereka 045° nthawi zonse. Funso ili ndi lokoma mtima chifukwa mizere yonse iwiri ya pulotalakita ingakupatseni 45 kapena 135, ndipo 135 imaonekeratu kuti ndi yolakwika. Amene wapeza 225° waima pa mjigo.

Funso 6. Tsopano mwaima pa mjigo, ndiye pafunika mzere wakumpoto watsopano, wodutsa pa mjigopo. Chipatala chili kumunsi chakumanja, malire ake 090° mpaka 180°, ndipo chapendekera kumwera kwambiri. Mimba ya pulotalakita kumanja, 0 kumtunda. Mzere wanu udutsa pamene palembedwa 151 pa mzere umodzi wa manambala ndi 29 pa unzake. Malire aja akusankhirani: 151°. Beyaringi ya 029° ikanakupititsani kumpoto, kutali ndi chipatala.

Funso 7. Mlatho uli kumanzere kwa mjigo ndiponso kumtunda pang'ono, choncho yankho lili pakati pa 270° ndi 360°, chifupi ndi 270°. Mimba kumanzere, 0 kumunsi. Mukazungulira kuchokera kumwera mudutsa 90, pomwe ndi kumadzulo kwenikweni, n'kuima pa 108. Wonjezerani 180, mupeza 288°. Wowerenga mzere winawo apeza 72. Akauwonjezera 180 apeza 252°, yomwe ili kumwera chakumadzulo, pamene mlatho tikuuona kumtunda kwa mjigo. Komatu 72 yemweyo akamuchotsera pa 360 apeza 288° yolondola. Apa ndi pomwe njira ziwiri zija zimasakanikirana m'mutu mwa munthu amene sanasankhepo imodzi. Yobwerera, ya mjigo kuchokera pa mlatho, ndi 288 kuchotsera 180, yomwe ndi 108°.

Funso 8. Mwaima pa phiri, sukulu ili kumunsi chakumanzere, malire 180° mpaka 270°. Mzere wolumikiza malo awiriwa ndi wautali, woposa masentimita 10, sufunika kuutalikitsa. Kuchokera kumwera muwerenga 51, kapena 50 ngati pensulo yanu ili yokhuthala, chifukwa muyeso wake weniweni uli pakati pa ziwirizi. Yankho: 231°. Pa ntchito ino, kusiyana ndi digiri imodzi kapena awiri musade nako nkhawa. Mukasiyana ndi madigiri asanu kapena kuposa, yang'anani ngati pakati pa pulotalakita panakhaladi pa kadontho, chifukwa ambiri amaika m'mphepete mwa pulasitiki pa mzere wakumpoto m'malo mwa mzere wosindikizidwa wa 0 mpaka 180.

Funso 9. Beyaringi ya 090° ndi kum'mawa kwenikweni, choncho nothingi siisintha, ikhala 573. Makilomita 1.5 ndi magawo 15, masentimita 3 papepala. Isitingi ya mjigo ndi 354, kuwonjezera 15 ndi 369. Mayiyo wafika pa 369573, m'bokosi 3657, atatsala ndi mamita 100 kuti aoloke mzere 37.

Mukagwira mapu enieni

Zinthu ziwiri zimasintha. Choyamba, mapu ambiri ofika m'manja mwa ophunzira ndi ojambulitsa pa makina a fotokope, ndipo nthawi zina amachepetsedwa kuti akwane papepala. Musangokhulupirira kuti gawo limodzi ndi mamilimita 2. Yezani mbali ya bokosi limodzi kaye. Ikakhala mamilimita 15, gawo limodzi ndi 1.5, ndipo chinthu chimene chili mamilimita 6 kuchokera pa mzere chili pa gawo 4, osati 3. Mabeyaringi okha sasintha, bola mapuwo achepetsedwe mofanana m'litali ndi m'lifupi.

Chachiwiri ndi cha amene atuluke panja ndi kampasi. Mabeyaringi onse tapeza pano ndi oyezedwa kuchokera kumpoto kwa giridi, kumene maisitingi akuloza. Singano ya kampasi imaloza kumpoto kwa maginito, komwe kumapatukako pang'ono, ndipo mpatawo umasiyana malo ndi malo komanso umasuntha chaka ndi chaka. M'mphepete mwa mapu mumakhala kachithunzi ka mivi koonetsa mpatawo, chaka chomwe unayezedwa ndi momwe umasinthira pachaka. Tiyerekeze kuti mwawerengera n'kupeza kuti singano ikuloza madigiri 4 kumadzulo kwa kumpoto kwa giridi. Kuti muyende kuchokera pa sukulu kupita ku mjigo, muwonjezera 4 pa 045°, n'kutchera kampasi pa 049°. Mukaona chinthu ndi kampasi ndipo mukufuna kuchiika pa mapu, muchotsera 4. Mpata wa madigiri 4 ukuoneka wochepa, koma pa ulendo wa makilomita 2.8 wa ku mjigowo mungauphonye ndi mamita pafupifupi 200, magawo awiri athunthu a giridi. Powerenga kampasi, igwireni mogoneka ndipo mutalikire malata, njinga, galimoto ndi foni, chifukwa zonsezi zimakoka singano.